Mafunso ndi mayankho: kuwerengera maola owonjezera a antchito pa nthawi ya malonda ambiri kumapeto kwa chaka

Mayankho awa ndi a munthu amene amayendetsa sitolo ndipo akufuna kudziwa kuti masabata otanganidwa a kumapeto kwa chaka adzafuna maola angati a ntchito, ndiponso kuti maolawo adzawapeza kuti. Tagwiritsa ntchito sitolo imodzi yongoyerekeza m'mayankho onse: ili ndi antchito okhazikika 8 ogwira maola 45 pa sabata, ena 2 ogwira maola 20 pa sabata, ndi malo olipirira 4. Manambala ake ndi ophunzitsira chabe, inu muikepo anu.

Ndiyambire pati? Ndingoganiza kuti ndilemba aganyu angati?

Ayi, musayambire pa chiwerengero cha anthu. Yambirani pa maola. Munthu akati "chaka chatha tinalemba atatu, chaka chino tilembe anayi", sanayankhe funso lenileni, lomwe ndi lakuti ntchito idzachuluka tsiku liti, ola liti, ndiponso pamalo ati m'sitolo. Aganyu anayi amene onse afika 8 koloko m'mawa n'kuweruka 4 koloko masana akhoza kukhala opanda chochita kwa maola atatu oyambirira, kenako n'kuchoka pamene mzere wamadzulo wayamba kutalika.

Tengani malisiti kapena lipoti la makina olipirira la masabata omwewo chaka chatha, ndipo muone chiwerengero cha makasitomala amene analipira pa ola lililonse. Chofunika ndi chiwerengero cha anthu olipira ndi cha katundu amene anatuluka, osati ndalama zimene zinalowa. Mitengo ikakwera, ndalama zimaoneka zambiri ngakhale ntchito ili yomweyo, ndipo chinthu chimodzi chodula chimatenga nthawi yochepa pa kauntala kusiyana ndi tinthu 20 totchipa.

Ndikafananiza ndi chaka chatha, ndifananize deti ndi deti?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Khirisimasi imakhala pa 25 Disembala chaka chilichonse, koma tsiku la sabata limasuntha: mu 2024 inali Lachitatu, mu 2025 Lachinayi, ndipo mu 2026 ndi Lachisanu. Choncho 20 Disembala wa chaka china akhoza kukhala Lachisanu, chaka chotsatira n'kukhala Loweruka, ndipo masiku awiriwo safanana pa malonda. Masabata oyambirira fananizani Loweruka ndi Loweruka, Lolemba ndi Lolemba. Koma masiku atatu kapena anayi otsiriza holide isanafike, werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa holideyo, chifukwa ogula mochedwa amabwera pa masiku amenewo mosayang'ana kuti ndi Lachiwiri kapena Loweruka. Onaninso tsiku limene makasitomala anu ambiri amalandira malipiro, popeza mabwana ena amalipira msanga mwezi umenewu.

Chinthu china chimene malisiti sanena: amalemba okhawo amene analipira. Ngati chaka chatha mzere unkafika pakhomo ndipo anthu ena ankasiya katundu n'kutuluka, ndiye kuti nambala ya ola limenelo ikusonyeza malire a zimene antchito anu anakwanitsa, osati anthu onse amene ankafuna kugula. Mudzazindikira zimenezi mukaona maola angapo otsatizana ali ndi nambala yofanana ndendende, ngati kuti yagunda denga.

Nanga ndisinthe bwanji chiwerengero cha makasitomala kukhala chiwerengero cha antchito a polipirira?

Muyenera kudziwa nthawi imene kasitomala mmodzi amatenga, kuyambira pamene waika katundu pa kauntala kufikira pamene wotsatira wayamba kuthandizidwa. Musafunse antchito kuti anene mwa pamutu. Imani pambali ndi wotchi tsiku lotanganidwa, muyeze makasitomala 30 kapena 40, ndipo mupeze avereji. Kumbukirani kuti kumapeto kwa chaka madengu amakhala odzaza, choncho nthawi ya mwezi wa Okutobala imakhala yocheperako.

M'sitolo yathu yoyerekeza, Loweruka lotanganidwa kwambiri chaka chatha munkadutsa makasitomala 60 pa ola kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Chaka chino malonda akhala akuposa a chaka chatha ndi 10 peresenti miyezi yonse, ndiye tiyembekezera 66. Aliyense amatenga mphindi 3. Pa ola limodzi ndiye kuti pali ntchito ya mphindi 198.

Wina angagawe 198 ndi 60 n'kunena kuti anthu 3.3 akwana. Koma makasitomala safika motsatana bwino ngati kuti anapangana. Amabwera asanu nthawi imodzi, kenako kwa mphindi ziwiri sipabwera aliyense. Wogwira pa kauntala akakonzedwa kuti azitanganidwa mphindi zonse 60, mzere umene wayamba sutha, chifukwa palibe mpata woubwezera. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerengera kuti munthu mmodzi apereka mphindi pafupifupi 48 pa ola, zomwe ndi 80 peresenti. Tikagawa 198 ndi 48 tipeza 4.1, kutanthauza kuti anthu 4 achepa pang'ono ndipo pakufunika 5.

Koma sitoloyi ili ndi malo olipirira 4 okha. Munthu wachisanu alibe poima. Apa yankho si kuwonjezera wolandira ndalama, koma kuchepetsa mphindi zitatu zija. Ikani munthu woti azilongedza katundu m'majumbo, kuthamangira mtengo wa chinthu chimene chilibe chizindikiro, ndi kubweretsa chenji. Nthawi ikatsika kufika pa mphindi 2.5, ntchito ya pa ola ikhala mphindi 165, ndipo 165 kugawa ndi 48 ndi 3.4. Malo anayi aja akwana. Ubwino wina ndi wakuti ntchito yolongedza ndiyo imene waganyu watsopano angaiphunzire tsiku limodzi.

Loweruka limenelo sitolo idzatsegula maola 12. Maola 4 otanganidwa adzafuna anthu 5, maola 6 apakatikati anthu 2, ndipo maola 2 ozizira munthu mmodzi. Zonse pamodzi ndi maola 34. Masiku ena 6 tawawerengera chimodzimodzi n'kupeza maola 26 tsiku lililonse. Sabata yonse polipirira pafunika maola 190.

Kodi ntchito yonse yowonjezera ili polipirira?

Kutalitali. Chinthu chilichonse chimene chadutsa pa kauntala pali wina amene anachitsitsa m'galimoto, kuchiwerenga, kuchiika mtengo ndi kuchikonza pa shelefu. Ntchito imeneyi ndiyo imaiwalika kwambiri chifukwa kasitomala saiona, ndipo imafika pachimake msanga, sabata imodzi kapena ziwiri malonda asanafike pachimake, pamene maoda akuluakulu akufika.

Iwerengereni ndi makatoni. Sitolo yathu ikuyembekezera makatoni 900 pa sabata yotanganidwa, ndipo munthu wozolowera amamaliza makatoni 6 pa ola, kuyambira kutsitsa mpaka kutaya katoni yopanda kanthu. Amenewo ndi maola 150. Onjezani maola 90 a anthu oyenda m'sitolo kuthandiza makasitomala ndi kuyang'anira katundu, ndi maola 30 otsegula, kutseka, kuwerenga ndalama ndi kusesa. Pamodzi ndi 190 a polipirira aja, tafika pa maola 460.

Ngati zingatheke, ntchito ya makatoni iikeni m'mawa sitolo isanatsegule kapena pa maola ozizira. Kudzaza mashelefu pakati pa khamu kumatenga nthawi yaitali, ndipo wodzazayo amangoimitsidwa ndi mafunso.

Ndiye ndilembe maola 460 pa ndandanda wa mashifiti?

Mukalemba 460 mudzapeza ocheperapo. Munthu amene walembedwa maola 8 sagwira maola 8 athunthu: amapuma, amadya, nthawi zina amachedwa, ndipo pa anthu 14, kuphatikizapo aganyu, n'zosatheka kuti mwezi wonse upite popanda wodwala kapena wopita kumaliro. Onani m'buku lanu lolembetsa pofika kuntchito kuti chaka chatha maola otayika motere anali gawo lanji. Tiyerekeze kuti anali 12 peresenti.

Samalani ndi masamu ake. Simuwonjezera 12 peresenti pa 460, mumagawa 460 ndi gawo lotsala:

```
460 / 0.88 = 523
```

Mukangowonjezera 12 peresenti mupeza 515, ndipo mwapereweza shifiti yathunthu ya munthu mmodzi. Antchito amene alipo akupereka maola 360 ndi 40, pamodzi 400. Maola osowa pa sabata yotanganidwa kwambiri ndi 123. Chitani masamu omwewa pa sabata iliyonse payokha, chifukwa sabata yoyamba ya Disembala ikhoza kusowa maola 40 okha, ndipo palibe chifukwa cholipira 123 kuyambira pachiyambi.

Maola 123 amenewa ndiwapeza kuti?

Yambani ndi anthu amene akudziwa kale ntchito. Awiri aja a maola 20 afunseni ngati angagwire 32. Akavomera mwapeza maola 24 a anthu osafuna kuphunzitsidwa, ndipo m'malo ambiri maola amenewa amalipidwa pa mlingo wamba chifukwa sanadutse malire a sabata yathunthu. Kenako okhazikika 8 aja awonjezere maola 3 aliyense, kuchoka pa 45 kufika pa 48. Amenewo ndi 24 ena. Atsala 75.

Otsalawa ndiwo a aganyu. Koma ola la munthu watsopano silifanana ndi la wozolowera. Sadziwa kumene katundu amakhala, amafunsa pafupipafupi, ndipo akalakwitsa pa makina amaitana wina kudzakonza. Tikayerekeza kuti amagwira magawo atatu mwa anayi a zimene wakale amagwira, maola 75 aja afuna maola 100 a anthu atsopano.

Maola 100 mukhoza kuwagawa kwa anthu awiri kapena anayi. Ine ndingasankhe anayi a maola 25 aliyense. Vuto la sitoloyi lili pa maola anayi kapena asanu a masana ndi pa nthawi yofika katundu, ndipo pamenepo pamafunika manja ambiri nthawi imodzi. Anthu awiri a maola 50 adutsa malire a sabata, komanso theka la nthawi yawo ligwera pa maola ozizira. Ndiponso mmodzi mwa awiri akasiya ntchito pa 18 Disembala mwataya theka la thandizo lanu, pamene mmodzi mwa anayi akasiya, atatu otsalawo angagawane maola ake. Vuto la maola ochepa ndi lakuti ena sangawalandire, makamaka amene amakhala kutali ndipo ulendo umawadyera gawo lalikulu la malipiro a tsikulo. Muwauze poyera powalemba, musayembekeze kuti adzazindikire okha.

Chotchipa n'chiti, ovataimu kapena kulemba aganyu?

Ambiri amaganiza kuti waganyu ndi wotchipa chifukwa amalandira mlingo wamba pamene ovataimu imalipidwa mowonjezera. Masamu sanena choncho nthawi zonse. Tiyerekeze kuti kwanu ovataimu imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Ndiye kuti ola limodzi la ntchito yeniyeni likudyerani 1.5.

Waganyu wogwira maola 25 kwa masabata 4 walipidwa maola 100 ndipo wapereka ntchito ya maola 75. Musanamuike pa shifiti munamuphunzitsa maola 16, ndipo womuphunzitsayo anataya maola 8 a ntchito yake. Mwalipira maola 124 kuti mupeze 75, zomwe ndi 1.65 pa ola, ngati malipiro a onsewo ali ofanana. Akakhala masabata 6 nambalayi imatsika kufika pa 1.55, mwinanso kutsikirapo chifukwa amakhala wayamba kuzolowera. Choncho pa nyengo yaifupi, ovataimu yochepa ikhoza kukhala yotchipa.

Chifukwa cholembera aganyu si kutchipa. Ndi chakuti ovataimu ili ndi malire a lamulo ndi a thupi, komanso imatalikitsa tsiku la munthu popanda kumupatsa manja ena. Munthu mmodzi sangaime pa kauntala ziwiri 1 koloko masana ngakhale mutamulipira kawiri. Waganyu wotchipa zedi ndi amene anagwirapo kwa inu chaka chatha, chifukwa amangofuna kukumbutsidwa kwa maola ochepa. Amenewo aimbireni poyamba.

Lamulo limalola maola angati?

Dziko lililonse lili ndi lamulo lake la ntchito, ndipo m'malo ena mulinso mgwirizano wa mabwana ndi bungwe la antchito. Werengani lanu musanalembe ndandanda, makamaka pa zinthu izi: maola a pa tsiku ndi a pa sabata, mlingo wa ovataimu, malipiro a tsiku la holide ndi a tsiku lopuma, ndiponso malamulo okhudza achinyamata osakwana zaka 18, poti nyengo imeneyi ana asukulu ambiri amafuna ganyu.

Malamulo a maiko ambiri anatengera mfundo za bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse. Pangano lake loyamba la mu 1919 linaika maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata m'mafakitale, ndipo la mu 1930 linafikitsa malire omwewo ku masitolo ndi maofesi. Mapangano onse awiri amati malipiro a ovataimu asachepere ola limodzi ndi kota. Pangano la mu 1957 limati wogwira ntchito m'sitolo kapena mu ofesi apume maola 24 otsatizana pa masiku 7 aliwonse. Mfundo yotsirizayi ndiyo imaswedwa kwambiri mu Disembala, sitolo ikayamba kutsegula masiku onse a sabata. Munthu amapuma Lolemba la sabata ino, kenako Lamlungu la sabata yamawa, ndipo pa pepala sabata iliyonse ili ndi tsiku lopuma, koma wagwira masiku 12 motsatizana. Mukamaliza ndandanda, werengani mzere wa munthu aliyense modutsa masabata, osati sabata imodzi payokha.

Mashifiti ndiwakonze bwanji kuti maola agwere pamene akufunika?

Musayambitse onse nthawi imodzi. M'sitolo yotsegula 8 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, gulu lina liyambe 6 koloko kudzaza mashelefu, lina lifike cha m'ma 11 koloko n'kudzatseka, ndipo aganyu abwere pa shifiti ya maola 5 kuyambira 10:30. Magulu onse atatu amakumana pa maola otanganidwa popanda aliyense kugwira tsiku lalitali.

Nthawi yopuma ilembedwe pa ndandanda ndi ola lake. Ikasiyidwa kuti "mudzaona nokha", imagwera 1 koloko, pamene mzere ndi wautali, kapena siichitika n'komwe. Pewaninso kuika munthu wotseka usiku kuti adzatsegule m'mawa mwake. Malamulo a maiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya amafuna maola 11 opuma pakati pa tsiku lina la ntchito ndi linzake, ndipo ndi muyeso wabwino kuutsatira ngakhale kumene lamulo silinena. Wotseka 9 koloko usiku asayambe 6 koloko m'mawa.

Pa shifiti iliyonse pakhale munthu amene ali ndi chilolezo chobweza ndalama, kufufuta zolakwika pa makina ndi kusunga makiyi. Shifiti ikhoza kukhala ndi anthu okwanira koma n'kuima chifukwa onse akudikira munthu mmodzi amene wapita kukadya. Ngati ali ndi chilolezocho ndi awiri okha m'sitolo yonse, phunzitsani wachitatu mu Novembala.

Ndiyambe liti kulemba ndi kuphunzitsa?

Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa sabata yoyamba imene maola akusowa. Aganyu ayambe masabata awiri isanafike, pa maola ochepa, kuti aphunzire sitolo ikadali yodekha. Kuphunzitsa munthu pa sabata yotanganidwa kumachotsa wozolowera pa ntchito nthawi imene akufunika kwambiri. Izi zisanachitike pamafunika masabata atatu kapena anayi olengeza, kufunsa mafunso ndi kusaina mapepala. Ndiye kuti masamu a maola akhale atatha kumayambiriro kwa Okutobala. Ndandanda wa mashifiti utuluke masabata awiri nthawi isanakwane, ndipo wa masiku a holide utuluke msanga kuposa pamenepo, popeza ndiwo umabweretsa mikangano.

Aliyense alandire pepala lonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza, maola otsimikizika pa sabata, malipiro a pa ola ndi a pa holide.

Ndidziwa bwanji kuti masamu anga alakwika nyengo ili mkati?

Sabata iliyonse ikatha, gawani chiwerengero cha makasitomala ndi maola onse amene agwiridwa, ndipo mufananize ndi zimene munayembekezera. Nambala ikatsika kwambiri, muli ndi maola ochuluka kapena ali pa nthawi yolakwika. Ikakwera kwambiri musafulumire kusangalala, chifukwa nthawi zambiri zimatanthauza kuti ntchito ina yasiyidwa.

Pitani mosungiramo katundu. Mukapeza makatoni a dzana sanatsegulidwe pamene shelefu ya katundu yemweyo ili yopanda kanthu, ndiye kuti odzaza mashelefu akumaitanidwa ku kauntala tsiku lililonse, ndipo maola osowa ndi a polipirira ngakhale vuto laonekera kwina. Ndalama zikayamba kusagwirizana ndi malisiti kwa anthu amene salakwitsa kawirikawiri, ganizirani kutopa musanaganizire kuba. Ovataimu imene simunakonze ikamaoneka pa ola lomwelo tsiku ndi tsiku, monga mphindi 40 potseka, ndiye kuti ntchito yotseka munaiwerengera mochepa, ndipo ndi bwino kusuntha shifiti ya munthu mmodzi kusiyana ndi kulipira anayi ovataimu usiku uliwonse.

Sungani maola ena osagawa, mwina 5 peresenti ya sabata, ndipo mukhale ndi anthu awiri kapena atatu amene anavomera kale kuitanidwa mwadzidzidzi. Kumbukirani kuti m'maiko ena lamulo limafuna kuti munthu woikidwa pa kudikira kapena wobwezedwa atafika kale alipidwe ndithu.

Aganyu amalize liti?

Osati pa 24 Disembala. Holide ikadutsa kumabwera obweza ndi osinthitsa katundu, ndipo mmodzi wa iwo amatenga nthawi yaitali kuposa wogula, chifukwa pamafunika kuona lisiti, kuyang'ana katundu ndi kuitana wachilolezo. Kumakhalanso kutsitsa mitengo ya katundu wotsala ndi kuwerenga sitoko, pomwe okhazikika amene anaimitsidwa kupita kutchuthi mu Disembala akufuna masiku awo. M'sitolo yathu yoyerekeza, ngati okhazikika awiri apita kutchuthi sabata yoyamba ya Januwale, maola 90 achoka nthawi imodzi. Aganyu awiri mwa anayi aja, amene pofika pano azolowera, apatsidwe tsiku lomaliza la pakati pa Januwale, ndipo zimenezi zilembedwe m'pepala lawo kuyambira pachiyambi, chifukwa mukadzawapempha pa 23 Disembala mudzapeza ena analonjeza kale kwina.